Mutu umodzi pa masamba asanu ndi limodzi: komwe tagi ya kanonikolo imathandiza ndi komwe imaononga

Tiyerekeze kuti gulu la alimi ku Bembeke, ku Dedza, lili ndi webusayiti yogulitsira mbewu ya mbatatesi. Munthu wa ku Lizulu akalemba pa Google kuti akufuna mbewu, lero akuona tsamba la mitengo, mawa akuona nkhani yakale yokhala ndi mitengo ya chaka china, mkuja webusayitiyo siikuonekanso pamwamba. Mukafufuza mupeza kuti maadilesi asanu ndi limodzi onse ali ndi mutu womwewu: Mbewu ya Mbatatesi ku Dedza.

Chomwe chachitika apa si chilango. Google salanga webusayiti chifukwa choti masamba ake afanana mwangozi. Vuto ndi lakuti zinthu zimene zimakweza tsamba pa mndandanda wa zotsatira, makamaka malinki ochokera ku mawebusayiti ena ndi malinki a mkati mwa webusayiti yanu, zimalunjika ku adilesi, osati ku nkhani. Ngati mawebusayiti khumi ndi awiri analoza kwa inu, anayi ku adilesi iyi, asanu ku inayo, atatu ku yachitatu, palibe adilesi imene ili ndi mphamvu ya onse khumi ndi awiri, pokhapokha Google atazindikira kuti zonsezo ndi tsamba limodzi n'kuziphatikiza. Nthawi zambiri amayesa kutero yekha, koma adilesi imene amasankha ikhoza kukhala imene inu simukuifuna.

Mutu wofanana ndi chizindikiro chabe, ndipo umabwera pa zifukwa zitatu zosiyana. Tagi ya kanonikolo, mzere wa mu kodi ya tsamba wouza Google adilesi yeniyeni pakati pa maadilesi ofanana, imachiza chimodzi chokha mwa zitatuzo. Choncho ntchito yaikulu ndi kusiyanitsa, kulemba tagiyo ndi mzere umodzi basi.

Yambani ndi kusonkhanitsa maadilesi onse

Pa Google lembani izi, m'malo mwa example.com muikemo dzina la webusayiti yanu:

```
site:example.com intitle:"Mbewu ya Mbatatesi"
```

Mzerewu ukuonetsani masamba a webusayiti yanu yokha amene mutu wake uli ndi mawu amenewo. Sikuti uonetsa onse, chifukwa maadilesi amene Google anawaphatikiza kale nthawi zambiri sawatulutsa. Ndiye mulowenso mu Google Search Console, imene imaonetsa momwe webusayiti yanu ikuonekera pa Google ndipo ndi yaulere kwa mwini webusayiti aliyense. Pitani pa Performance, musefe ndi mawu amene anthu amalemba pofunafuna mbewu, kenako dinani Pages. Mukaona masamba awiri kapena atatu akugawana maonekedwe pa mawu omwewo, musankhe nthawi ya miyezi itatu n'kuyang'ana tsamba lililonse palokha. Mzere wa tsamba lina ukamakwera pamene wa linzake ukutsika, n'kumasinthana chonchi, ndiye kuti Google sakudziwa kuti atenge liti.

Pali lipoti lachiwiri, la Pages lomwe lili pansi pa Indexing. M'menemo muli zifukwa zimene masamba ena sanalowere mu kaundula wa Google, ndipo zitatu ndi zomwe zikutikhudza. Mukaona `Duplicate without user-selected canonical`, tanthauzo lake ndi lakuti Google wapeza masamba ofanana, inu simunanene lenileni, ndiye wasankha yekha. `Duplicate, Google chose different canonical than user` ikutanthauza kuti munanena koma sanakumvereni. Pamene `Alternate page with proper canonical tag` si vuto n'komwe: tagi yanu yagwira ntchito. Ambiri amachita mantha ndi yachitatuyi chifukwa imaoneka pa mndandanda wa masamba osalowa mu kaundula, n'kuyamba kukonza chinthu chomwe chili bwinobwino.

Kwa alimi athu a ku Bembeke, mndandanda watuluka chonchi:

```
1 https://www.example.com/mbewu-ya-mbatatesi/
2 http://example.com/mbewu-ya-mbatatesi/
3 https://www.example.com/mbewu-ya-mbatatesi/?sort=mtengo
4 https://www.example.com/nkhani/mbewu-ya-mbatatesi-2023/
5 https://www.example.com/mbewu/violet/
6 https://www.example.com/mbewu/rosita/
```

Tsekulani tsamba lililonse muliwerenge

Musadalire mutu, werengani za m'kati. Pa tsamba lililonse dzifunseni kuti: munthu amene anafika pano, nditamutengera ku tsamba loyamba, angataye chiyani?

Pa adilesi yachiwiri sataya kanthu. Ndi tsamba lomwelo, kungoti lilibe `www` ndipo lili pa `http`. Kwa munthu ndi chinthu chimodzi, koma kwa makina ofufuzira ndi adilesi ina. Chimodzimodzinso kamzere kopendekera ka kumapeto kwa adilesi: kakhalepo kapena kasakhalepo, amenewo ndi maadilesi awiri. Pa yachitatu sataya kanthunso, katundu ndi yemweyo, wangosanjidwa potsata mtengo. Koma adilesiyi iyenera kupitiriza kugwira ntchito, chifukwa wogula akadina batani losanja mitengo amafikira pomwepo. Maadilesi okhala ndi `?utm_source=facebook` kapena `?fbclid=` kumapeto ali m'gulu lomweli.

Yachinayi ndi nkhani ina. Inalembedwa payokha mu 2023, mawu ake ndi osiyana, koma ikuyankha funso lomwelo: mbewu ilipo, mtengo wake ndi uwu, tipezeni kuno. Mitengo yake inatha ntchito, komabe ndi imene anthu ambiri anailoza pamene inali yatsopano.

Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi ndi masamba enieni osiyana. Mlimi wofuna Violet sakufuna Rosita, ndipo tsamba lililonse lili ndi zakezake. Mutu wafanana chifukwa amene anakonza webusayitiyo anaika mutu umodzi pa chikombole cha masamba onse a katundu.

Sankhani adilesi imodzi, kenako mugwiritse ntchito chida choyenera

Sankhani adilesi imene mukufuna kuti ikhalitse. Ikhale ya `https`, yaifupi, yopanda chaka ndi zina za pambuyo pa chizindikiro cha funso. Apa ndi yoyamba. Zoti ikhale ndi `www` kapena ayi zilibe kanthu kwa Google, chachikulu ndi kusankha kamodzi n'kumamatira pomwepo.

Adilesi yachiwiri siikufunika kwa wina aliyense, ndiye yankho lake si tagi koma kulondolera kwa 301. Uku ndi kuuza seva, kompyuta imene imasunga webusayiti yanu, kuti aliyense wofika pa adilesi yakale amupititse ku yatsopano, ndi kuti kusamukako ndi kwa mpaka kalekale. Makampani ambiri osunga mawebusayiti ali ndi batani lokakamiza `https`. Lamulo langa ndi ili: ngati adilesi ikhoza kufa popanda wodandaula, 301 ndi yabwino kuposa tagi, chifukwa siisiyira makina mpata woganiza.

Yachitatu ndi imene tagi ya kanonikolo inapangidwira. Google, Yahoo ndi Microsoft anailengeza limodzi mu Febuluwale 2009, ndipo mu 2012 inalembedwa mu chikalata cha RFC 6596. Ntchito yake ndi kunena kuti tsamba ili lipitirize kutsekuka kwa anthu, koma mphamvu yake muiwerengere ku adilesi iyo. Imalembedwa motere:

```html
<link rel="canonical" href="https://www.example.com/mbewu-ya-mbatatesi/">
```

Mzerewu ukhale mu kodi ya tsamba, pakati pa `<head>` ndi `</head>`. Ukakhala mu `<body>` Google sauwerengera. Lembani adilesi yonse kuyambira pa `https://`, osati chidutswa chake, chifukwa chidutswa cholembedwa molakwika chimatha kuloza ku adilesi yomwe kulibe. Ndipo mzere womwewu ukhalenso pa tsamba loyamba lija, lidziloze lokha. Izi zimaoneka ngati zopanda nzeru koma n'zimene zimakutetezani: popeza adilesi ya `?sort=mtengo` ndi ya `?fbclid=` zimatulutsa kodi ya tsamba lomwelo, zonse zimangonyamula tagiyo, ngakhale maadilesi amene simunawaganizirepo.

Ngati webusayiti yanu ili pa WordPress, tagi yodziloza imaikidwa kale pa nkhani ndi masamba. Mapulagini monga Yoast SEO amaiika pa mitundu inanso ya masamba, ndipo ali ndi bokosi la `Canonical URL` pansi pa `Advanced` pomwe mungalembe adilesi ina. Bokosilo mulisiye lopanda kanthu pokhapokha mukudziwa chimene mukuchita. Chenjerani ndi mapulagini awiri otere pa webusayiti imodzi, kapena pulagini ndi tagi ina yolembedwa pamanja. Tsamba likakhala ndi matagi awiri oloza kosiyana, Google akhoza kuwanyalanyaza onse.

Nkhani yakale ija

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amaika tagi pa nkhani ya 2023 kuloza ku tsamba loyamba, n'kuganiza kuti zatha. Patapita masabata angapo Search Console ikuonetsabe kuti nkhaniyo ili mu kaundula payokha. Chifukwa chake n'chakuti tagi ya kanonikolo ndi pempho, si lamulo. Google amayerekeza masamba awiriwo, ndipo akaona kuti mawu ake ndi osiyana kwambiri, amaona kuti si tsamba limodzi, tagiyo n'kuisiya. Zili ngati kumata chikwangwani cha Violet pa thumba la Rosita: wogula wodziwa akamasula thumba amakhulupirira zimene maso ake aona.

Njira yake ndi kuphatikiza. Werengani nkhani yakaleyo, mutengemo zimene zikadali zothandiza, monga kasungidwe ka mbewu kapena kukula kwa mbatatesi yoyenera kubzala, muzisamutsire ku tsamba loyamba. Mitengo yakale muitaye. Kenako nkhaniyo muilondolere ndi 301. Pa seva ya Apache, mu fayilo ya `.htaccess`, mzere wake ndi uwu:

```
Redirect 301 /nkhani/mbewu-ya-mbatatesi-2023/ https://www.example.com/mbewu-ya-mbatatesi/
```

Sungani kope la fayiloyo musanaikhudze, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika mu `.htaccess` chimagwetsa webusayiti yonse. Amene ali pa WordPress akhoza kugwiritsa ntchito pulagini yolondolera m'malo mokhudza fayiloyi. Malinki amene anthu anaika ku nkhani yakale tsopano azithandiza tsamba loyamba. Kulondolerako musakuchotse msanga. Google amalangiza kuti kukhalepo chaka chimodzi kapena kuposerapo, ndipo ine sindiona chifukwa chokuchotsera n'komwe, poti linki yakale ija ikadali m'magulu a WhatsApp a alimi.

Pali nthawi imene simuyenera kuphatikiza. Ngati nkhani yakaleyo ikufotokoza zimene zinachitika chaka chimenecho, mwachitsanzo momwe chiwawu chinakhudzira minda ya gululo, ndiye kuti ikuyankha funso lina. Isiyeni ikhale, muipatse mutu wonena zimenezo, ndipo m'kati mwake muike linki yopita ku tsamba la mitengo ya lero.

Violet ndi Rosita: musaikepo tagi yoloza kwina

Mukaika tagi pa masamba awiriwa kuloza ku tsamba loyamba, pali zinthu ziwiri zomwe zingachitike. Google akhoza kuinyalanyaza, ndiye palibe chasintha. Kapena akhoza kukumverani, makamaka ngati masambawo ali ndi mawu ochepa ndipo akufanana kwambiri, ndiye onse awiri atuluka mu kaundula. Munthu wolemba dzina la Rosita sadzakupezaninso ndi tsamba lomwe likanamuyankha bwino. Pamenepo mwadzivulaza nokha.

Chofunika apa ndi kulemba mitu yatsopano. Mutu umene tikunena ndi wa mu `<title>`, umene umaoneka pa tabu ya pamwamba pa bulawuza ndiponso nthawi zambiri ngati mzere wodinidwa pa zotsatira za Google. Si womwe uja waukulu wa pamwamba pa nkhani, wa `<h1>`, ngakhale ndi bwino kuti awiriwa azigwirizana.

```html
<title>Mbewu ya Violet: mtengo ndi kabzalidwe | Bembeke, Dedza</title>
<title>Mbewu ya Rosita: mtengo ndi kabzalidwe | Bembeke, Dedza</title>
```

Mawu osiyanitsa akhale koyambirira. Mutu wautali umadulidwa kumapeto potengera kukula kwa sikirini. Mukayamba ndi dzina lalitali la gulu lanu n'kuika Violet kumapeto, mitu iwiriyo idzaonekabe yofanana ikadulidwa. Dziwaninso kuti Google akaona mutu wobwerezedwa pa masamba ambiri amatha kuusintha yekha, n'kutenga mawu a mu `<h1>` kapena a m'malinki oloza tsambalo. Mukaona kuti mutu wa pa zotsatira si umene munalemba, nthawi zambiri chifukwa chake ndi chimenechi.

Kusintha mutu kokha sikukwanira ngati masambawo ndi amodzi m'kati. Ngati tsamba la Rosita ndi la Violet lomwelo, mwangosintha dzina, Google akhoza kuwaonabe ngati ofanana. Lembani zimene alimi anu akudziwa za mtundu uliwonse: khungu lake, nthawi imene umatenga m'munda, ogula amene amaukonda, zithunzi zake zenizeni. Ngati mulibe chonena chosiyana, kuli bwino tsamba limodzi lokhala ndi mitundu yonse kusiyana ndi awiri opanda kanthu. Chimodzimodzi ndi chizolowezi chopanga tsamba la mbewu ku Dedza, lina la mbewu ku Ntcheu, lina ku Tsangano, mawu onse ofanana kupatula dzina la malo. Ngati mulibe depoti kapena mtengo wosiyana kumaloko, masamba amenewo akungodyerana mphamvu.

Tsamba lililonse mwa awiriwa likhale ndi tagi yodziloza lokha.

Onetsetsani kuti webusayiti yonse ikunena chimodzi

Google satenga tagi yokha. Amayang'ananso kulondolera, malinki a m'kati ndi mapu a webusayiti, fayilo ya `sitemap.xml` yokhala ndi mndandanda wa maadilesi anu. Kulondolera ndi tagi ndi zizindikiro zamphamvu, mapu ndi chizindikiro chofooka, koma zikagwirizana zonse zimalimbitsana. Zikatsutsana, mwachitsanzo tagi ikuloza ku adilesi ya `www` pamene menyu yonse ikuloza ku yopanda `www`, m'pamene mumalandira uthenga uja woti Google wasankha ina.

Choncho yendani mu menyu, m'munsi mwa masamba ndi m'nkhani zakale, musinthe linki iliyonse iloze mwachindunji ku adilesi yosankhidwa. Mu mapu mukhale maadilesi osankhidwa okha. Adilesi imene tagi ikuloza iyenera kutsekuka bwinobwino: isakhale yolondolera kwina, isakhale yakufa, isakhale ndi `noindex`, lamulo louza Google kuti asaonetse tsambalo pa zotsatira.

Zinthu ziwiri zimene anthu amayesa ngati njira yachidule n'zolakwika. Kutseka adilesi yobwereza mu `robots.txt` kumaletsa Google kuiwerenga, ndiye tagi imene mwaikamo saiona, ndipo mphamvu yake siisamuka. Kuika `noindex` kumachotsa tsamba pa zotsatira koma sikunena komwe mphamvu yake ipite.

Mndandanda wa katundu ukakhala wautali mpaka kufika pa tsamba lachiwiri ndi lachitatu, musaloze masamba amenewo ku loyamba. Katundu wake ndi wina, ndiye lililonse lidziloze lokha. Chimodzimodzi ngati muli ndi tsamba la Chichewa ndi linzake la Chingerezi: amenewo si obwereza, lililonse likhale ndi tagi yakeyake, ndipo chowalumikiza ndi tagi ina ya `hreflang`, youza Google chilankhulo cha tsamba lililonse. Koma ngati mndandanda wa mitengo muli nawonso ngati fayilo ya PDF, momwe mulibe `<head>`, tagiyo imatumizidwa ndi seva m'mizere yoyambirira ya yankho lake, yotchedwa HTTP header:

```
Link: <https://www.example.com/mbewu-ya-mbatatesi/>; rel="canonical"
```

Kuyesa ngati zagwira

Tsekulani adilesi yachitatu pa kompyuta, dinani `Ctrl+U` kuti muone kodi, kenako `Ctrl+F` mulembe `canonical`. Muyenera kupeza tagi imodzi yokha, yoloza ku adilesi yoyamba chilembo ndi chilembo. Onani bwino kamzere kakumapeto ndi `www`. Onaninso kuti siikuloza ku adilesi yoyeserera imene wopanga webusayiti ankagwiritsa ntchito asanaitsekule, chifukwa zimenezi zimachitika webusayiti ikasamutsidwa, ndipo zikhoza kuchotsa masamba onse pa zotsatira. Vuto lina lofanana nalo ndi tagi yolembedwa pamanja pa chikombole, yomwe imapangitsa tsamba lililonse kuloza ku tsamba lolandirira alendo.

Kulondolera kuyeseni polemba lamulo ili mu Terminal kapena Command Prompt ya kompyuta:

```
curl -I http://example.com/mbewu-ya-mbatatesi/
```

Mzere woyamba wa yankho ukhale ndi `301`, ndipo mzere wa `Location` ukhale ndi adilesi yomaliza. Mukaona `302`, seva ikunena kuti kusamukako ndi kwa kanthawi, ndipo Google akhoza kusungabe adilesi yakale. Mukaona kuti `Location` ikuloza ku adilesi ina yomwenso ikulondolera kwina, fupikitsani njirayo ikhale yodumpha kamodzi.

Pomaliza bwererani ku Search Console, muike adilesi yachitatu mu bokosi la URL Inspection. Pali mizere iwiri: `User-declared canonical` ndi imene inu mwanena, `Google-selected canonical` ndi imene Google wasankha. Zikafanana ndiye kuti zatheka. Koma zimene mukuonazo ndi za ulendo womaliza umene Google anawerenga tsambalo, ndiye yang'anani tsiku la pa `Last crawl`. Ngati tsikulo ndi la musanakonze, palibe chodandaulitsa. Dinani `Request indexing` pa tsamba loyamba ndi pa a Violet ndi Rosita, kenako dikirani. Pa webusayiti yaing'ono, yomwe Google saiyendera kawirikawiri, zimatha kutenga masabata angapo.

Pa nthawiyi musadabwe kuona nambala ya masamba a mu kaundula ikutsika, ndi zimene mumafuna. Mu lipoti la Performance, maonekedwe ndi kudina zimawerengedwa pa adilesi yosankhidwa, choncho mizere ya nkhani ya 2023 ndi ya `http` izitsika mpaka kuzimiririka pamene ya tsamba loyamba ikutenga zonse. Poyerekeza, phatikizani nambala za maadilesi akale onse, osati kuyang'ana imodzi. Ndipo kumbukirani nyengo: kufunafuna mbewu kumakwera nthawi yobzala ikayandikira, ndiye yerekezani ndi miyezi yomweyo ya chaka chatha, osati mwezi wathawu.

Ngati tsiku la `Last crawl` ndi latsopano koma Google akusankhabe adilesi ina, tsekulani imene wasankhayo. Ikakhala yanu, fufuzani malinki a m'kati amene akuilozabe, ndipo muone ngati ili mu mapu. Ikakhala ya webusayiti ina, mwina pali amene anakopera tsamba lanu, kapena munapereka nkhani yomweyo kwa ena kuti aisindikize. Zikatero apempheni aichotse, kapena aikepo `noindex` pa kope lawolo.